Mantha amene a Jere sanawachule

Nchito yanga ndi ya pa wailesi ya kumudzi kuno ku Angoniya. Ndimawerenga mauthenga a maliro, ndimalengeza za misonkhano, ndipo nthawi zina ndimalemba masewero amene timaulutsa madzulo anthu akabwera kumunda. Acinyamata amene amafuna kuphunzira kulemba amandibweretsera makope awo kuti ndiwaone. M'makope amenewo mumakhala zocitika zambiri. Mbuzi yabedwa, ukwati watha, nyumba yapsa, wina wamangidwa pa malire ndi matumba a feteleza. Koma ndikafunsa kuti, “Nanga mwini nkhaniyu anacitiranji zimenezi?” ambiri amandiyankha kuti, “Kuti nkhani ipitirire.” Munthu wocita zinthu kuti nkhani ipitirire ali ngati ng'ombe ya pa ngolo: akuyenda ndithu, koma njira akusankha ndi wina. Omvera amazindikira zimenezi msanga, ndipo amapita kukatsuka mbale sewero lisanathe.

Ine ndikafuna kuumba mwini nkhani, sindiyamba ndi dzina lake kapena nchito yake. Ndimayamba ndi funso limodzi: kodi munthuyu amaopa ciyani kuposa zonse? Ndikufotokozerani mmene ndinaumbira munthu mmodzi, amene ndinamucha a Jere, m'sewero la magawo 8, gawo lililonse la mphindi 15. A Jere si munthu weniweni ayi. Ndi mlimi wa cimanga, nyemba ndi mbatatesi, wa zaka zoyandikira 50, wokhala ndi ng'ombe ziwiri ndi ngolo, mkazi wake NaPhiri ndi mwana wamkazi Rozita.

Yankho loyamba limene limabwera m'mutu nthawi zambiri limakhala la pamwamba. Nditadzifunsa za a Jere, yankho linali lakuti amaopa njala. Koma njala ndani saiopa? Mantha amene aliyense ali nawo sangasiyanitse munthu ndi mnzake. Conco ndimakumba ndi funso lina: cimene akuopaco cikacitika, kenako n'ciyani? Njala ikalowa m'nyumba ya a Jere, adzayenera kupempha. Apa tatsika pang'ono, cifukwa si onse amene amaopa kupempha. Alipo anthu amene amapempha akuseka. Ndimafunsanso: akapempha, kenako n'ciyani? Mwana wake adzamuona atatambasula dzanja. Nditafika pamenepa ndinaona kuti funso latha, palibenso pokumba. Mantha a a Jere si mimba yopanda kanthu. Ndi maso a mwana wake pa iye, tsiku limene adzaimirira pamaso pa munthu wina ndi mbale m'manja.

Mantha otere amafuna kocokera, ndipo kwa ife a m'malire kocokerako sikusowa. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, anthu a ku Mozambiki pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ambiri a kuno anangodumpha msewu n'kukakhala m'midzi ya ku Dedza ndi ku Ncheu, pakati pa abale olankhula cinenero comweci, n'kumalandira ufa, nyemba ndi mafuta ndi makadi. Inenso ndinali mwana pa mizere imeneyo. Conco ndinapatsa a Jere tsiku limodzi lokha, osati mbiri yonse ya nkhondo. Ali ndi zaka 10, anaima pa mzere pambuyo pa atate ake, munthu amene kwawo anali ndi khola la ng'ombe ndipo anthu ankamugwadira popereka moni. Mnyamata wogawa cakudya anakalipira atatewo cifukwa anacedwa kutulutsa khadi. Atatewo anavula cipewa n'kunena kuti, “Zikomo, bwana.” Atatembenuka, anapeza mwana wawo akuwayang'ana. Palibe amene anamenyedwa, palibe amene anafa. Koma kuyambira tsiku limenelo mwanayo analumbira mumtima, osadziwa n'komwe kuti walumbira.

Tsiku limeneli ndinalilemba pa tsamba loyamba la kope langa, ndipo tsambalo silinapite pa wailesi. Linali langa ndi la mnyamata amene ankasewera ngati a Jere. Omvera anangolandira kacidutswa kake m'gawo lacisanu ndi cimodzi, kucokera pakamwa pa mlongo wa a Jere, m'mawu ocepa: “Acimwene, inu mukadali pa mzere uja.” A Jere anayankha za mvula.

Cifukwa cake n'cakuti munthu wamkulu sachula mantha ake, ndipo kawirikawiri sawadziwa ndi dzina. Amawaveka malaya abwino. A Jere sadziona ngati wamantha. Amadziona ngati mwamuna wodziimira payekha. Lamulo lake, limene amalinena monyadira pabwalo ndi pamowa, n'lakuti munthu adye thukuta lake. Kodi ndani angatsutse mawu amenewa? Apa ndi pamene pali mphamvu ya nkhani. Wolemba amadziwa mantha, mwini nkhani amadziwa lamulo, ndipo omvera amayamba ndi kukhulupirira lamulolo, kenako pang'onopang'ono n'kumva kuti pansi pake pali cina cimene cikupuma. Mukapeza mantha a munthu wanu, musapitirire musanapeze mawu abwino amene iye amabisalamo.

Tsopano pakubwera nchito yaikulu, yomanga zosankha. Ndimalemba magawo onse m'munsi mwa tsamba, ndipo pa gawo lililonse ndimaika mphambano imodzi: njira ziwiri zimene zonse ndi zotheka, imodzi ya mantha, ina yopanda mantha. Mphambanozi ndimaziika ngati makwerero, kuti mtengo wa kusankha uzikwera.

M'gawo loyamba, mlangizi wa kampani ya fodya akubwera m'mudzi kudzalemba alimi ofuna feteleza wa ngongole. Anzake akulembetsa. A Jere akukana, akuti ngongole imadya munthu ali m'tulo. Omvera ambiri anagwirizana nawo, cifukwa onse amadziwa munthu amene fodya wake sanakwanitse kubweza ngongole. M'gawo laciwiri kwagwa maliro kwa a Mbewe, anansi awo. A Jere akupereka ngolo ndi ng'ombe kuti zikatenge nkhuni ndi bokosi, akuperekanso thumba la cimanga, ndipo akukana ngakhale nkhuku imene a Mbewe akubwera nayo pambuyo pake. Apa omvera anawakonda. Zimenezi ndinazicita dala. Mantha ayenera kuyamba ndi kubala zabwino, apo ayi munthu sakanawasunga zaka 40. Mantha omwewo ndi amene anapangitsa a Jere kukhala wolimbikira, wosunga cakudya, wopatsa. Koma wochera khutu akanamva kale kanthu: munthuyu amakonda kukhala mbali yopereka, ndipo nkhuku ija anaikana mwaukali woposa umene nkhuku imafuna.

M'gawo lacitatu mtengo ukuyamba kuoneka, ngakhale kuti ndi wocepa. Khasu la ng'ombe lathyoka pakati pa nyengo yolima. A Mbewe ali ndi lina limene likungokhala. A Jere akuyenda tsiku lonse kupita ku Ulongwe kukawocheretsa lake, ndipo akutaya masiku atatu a mvula yoyamba. NaPhiri akuseka, akuti amuna ake ndi ouma mutu ngati mwala wa pamtsinje. Omvera nawonso anaseka.

M'gawo lacisanu palibenso woseka. NaPhiri wadwala usiku, thupi latentha, akulankhula zosamveka. Mwana wa a Mbewe ali ndi njinga yamoto imene ikanawafikitsa ku cipatala mu ola limodzi. Pa ngolo ndi maola anayi. Zokambirana zake ndinazilemba motere:

“Abambo, ndikagogode kwa a Mbewe?”

“Usiku uno? Anthu agona.”

“Amayi akunjenjemera. Njinga ija ili pakhonde.”

“Msewu ndi woterera, angagwe nayo. Tenga goli, ndikatulutse ng'ombe.”

“Abambo…”

“Ndati tenga goli.”

Onani kuti a Jere apereka zifukwa ziwiri, ndipo zonse zili ndi coonadi pang'ono: anthu agonadi, msewu ndi wotereradi. Munthu wogwidwa ndi mantha sanama bodza loonekera. Amatola cifukwa coona cimene cili pafupi n'kuciika patsogolo. Wolemba ayenera kumupatsa zifukwa zotere nthawi zonse, kuti omvera ena amuikire kumbuyo pamene ena akumudzudzula. Tsiku limene gawoli linaulutsidwa, mafoni amene tinalandira anagawikana conco, ndipo mayi wina anangofunsa kuti, “Kodi bamboyu anamucita ciyani a Mbewe?” Funso limenelo linandiuza kuti sewero likuyenda. Mayiyo anali atamva kuti pali cobisika, ngakhale anali kucifuna pa malo olakwika.

Pa wailesi tilibe nkhope yoti ionetse mantha, conco tiyenera kuwaika m'makutu. Ndinagwiritsa nchito zinthu ziwiri zokha. Coyamba ndi mawu amene a Jere sanena. M'magawo asanu ndi awiri oyamba sanena “zikomo” ngakhale kamodzi. Kwa ife amene timanena zikomo popatsana njira, polowa m'nyumba ndi polandira madzi, kulemba munthu wotere n'kovuta, ndipo pamafunika kufufuza mzere uliwonse. Akapatsidwa kanthu amati, “Ndidzabweza,” kapena, “Ndi zingati?” Palibe womvera amene anaimba foni kunena kuti waona zimenezi, koma khutu limasunga zimene mutu sunawerenge. Caciwiri ndi kulira kwa mbale yacitsulo. Mbale ikagwa kapena ikagundana ndi ina, a Jere amasiya mawu pakati, timawerenga kawiri mumtima, kenako amayamba nkhani ina. Tinacita zimenezi katatu kokha m'sewero lonse. Tikanacita m'gawo lililonse, cikanasanduka cizindikiro ca ana, ndipo anthu akanayamba kuciyembekezera n'kumaseka.

M'makope a acinyamata aja ndimaona njira zitatu zimene nchito imeneyi imaonongekera, ndipo iliyonse ili ndi poizindikirira. Yoyamba ndi kuulula. Mwini nkhani amaimirira n'kunena kuti, “Ine ndimaopa kupempha cifukwa ca zimene ndinaona ndili mwana.” Akatero, omvera alibenso nchito, ndipo munthuyo waoneka kuti akudzidziwa bwino kwambiri moti tikudabwa cifukwa cake sakusintha. Poyesa, ndimauza wolemba kuti afufute mzere uliwonse umene muli mawu akuti “kuopa” kapena “mantha”, kenako awerengere mnzake amene sakudziwa nkhaniyo, n'kumufunsa kuti munthuyu akuthawa ciyani. Mnzakeyo akayandikira yankho, mantha ali m'zocita. Akasowa conena, ndiye kuti mantha anali m'mawu okha.

Yaciwiri ndi mantha amene alembedwa pa tsamba loyamba koma sakugwira nchito. Poyesa, ndimasintha manthawo n'kuona ngati nkhani ikugwedezeka. Tiyerekeze kuti a Jere amaopa kusiyidwa yekha, osati kuonedwa akupempha. Usiku uja akanathamanga yekha kwa a Mbewe, akanagogoda mpaka citseko kuthyoka, cifukwa imfa ya NaPhiri ndiyo ikanakhala cinthu coopsa koposa. Feteleza uja akanalembetsa kuti asatsale pamene anzake onse alowa. Nkhuku ija akanailandira ndi manja awiri. Mphambano iliyonse yatembenuka, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti mantha oyamba aja ndiwo anali kuyendetsa ngolo. Mukasintha mantha koma zosankha n'kukhala zomwezo, munthu wanu akuyendetsedwa ndi inu.

Yacitatu ndi munthu amene wasanduka mantha okhaokha. Gawo lililonse akukana, akukana, akukana, mpaka omvera atopa naye. Mankhwala ake ndi kumupatsa cinthu cimene amacikonda ndi mtima wonse, cimene poyamba cimayenda limodzi ndi mantha koma pambuyo pake cidzalimbana nawo. Kwa a Jere ndi Rozita. Amamuphunzitsa kumanga goli, amamusungira mbatatesi zazikulu, amaseka naye. Zonse zimene amakana, mumtima mwake amakanira mwanayu. Ndiponso si kanthu kalikonse kamene kayenera kucokera ku mantha. A Jere amakonda mpira wa pa wailesi ndipo amadana ndi therere popanda cifukwa. Tinthu totere timapatsa munthu mpweya. Mantha amalamulira pa mphambano, osati pa ndiwo.

Mapeto abwino a nkhani yotere amabwera pamene mantha abala cinthu comwe munthu wakhala akuthawa. NaPhiri wacira, koma wakhala ku cipatala milungu iwiri ndipo a Jere anali kumudikirira. Munda sunapaliridwe. Anansi akuti aitane dima, anthu adzalime tsiku limodzi amwe thobwa, koma a Jere akukana, akuti adzatha yekha. Ng'ombe imodzi yatsimphina cicokere ulendo wa usiku uja. Cimanga ca m'nkhokwe cagulitsidwa pang'onopang'ono kulipirira maulendo ndi cakudya ca wodwala. Pofika mwezi wa Febuluwale, m'nyumba mulibe ufa. Palibe mfiti, palibe wakuba, palibe cilala. Tsoka lililonse lacokera pa cosankha ca m'gawo lapitalo, ndipo womvera akhoza kubwerera m'mbuyo n'kuwerenga mapazi.

M'gawo lomaliza a Jere akubwera kumunda madzulo, akudutsa kuseri kwa nyumba ya a Mbewe, ndipo akumva kulira kwa mbale. Ndi Rozita, waima pa nkhokwe ya eni ake, akupempha ufa wa phala la amayi ake. Munthu amene anakhala moyo wonse kuti mwana wake asamuone akupempha, wacititsa kuti mwanayo akapemphe m'malo mwake. Apa mphambano ili ndi njira ziwiri zowawa zonse. Akhoza kukalipira mwanayo, kutaya ufawo, lamulo lake n'kukhala lamoyo. Kapena akhoza kulowa m'cimene amaciopa, mwana akuona. Tinasiya cete wautali, womveka nkhuku zokha. Kenako:

“Rozita, bwera nayo kuno mbaleyo.”

“Abambo, ine ndimangofuna…”

“Bwera nayo. Ima apo, usacoke.” Mapazi. “A Mbewe, kwathu ufa watha. Ndabwera kudzapempha.”

“A Jere, ngolo yanu inanyamula mayi anga. Mukupempha ciyani pakhomo panu pomwe?”

Ufa ukuthiridwa m'mbale. Cete wina. Ndiyeno a Jere, ndi mawu otsika: “Zikomo.”

Sewero linathera pa liwu limenelo. Sindinalembe kuti a Jere anasintha n'kukhala munthu watsopano, cifukwa mantha a zaka 40 satha ndi mbale imodzi ya ufa. Mwina mawa adzapita ndi nkhuku kukabweza. Cimene nkhani imafuna n'cakuti kamodzi kokha munthuyo asankhe mantha ali pomwepo, akumukoka malaya, iye n'kupita mbali ina. Mapeto ena ndi othekanso: akanataya ufawo, ndipo likanakhala sewero lacisoni, koma loona cimodzimodzi. Cimene sicikanaloledwa ndi kuti mlamu wocokera ku Joni afike ndi matumba a ufa pa mphindi yomaliza. Thandizo lotere limapulumutsa banja koma limapha nkhani, cifukwa mwini nkhani sanafike pa mphambano yake.

Pali malire amodzi amene ndimawasunga kwambiri, ndipo kwa ife olemba m'midzi ing'onoing'ono ndi ofunika kuposa luso lililonse. Mantha amene timalemba ndi a anthu amoyo. Amene anaima pa mizere ija akadalipo, amamvera wailesi yathu, ndipo ena sanauzepo ngakhale ana awo zimene anaona. Munthu akakuuzani cinsinsi cake pa maliro kapena pa ulendo, musacitenge conse n'kungosintha dzina, cifukwa kuno tonse timadziwana ndi mayendedwe omwe. A Jere ndinawaumba ndi dothi la malo ambiri: kuuma mutu kwa munthu wina, kupatsa kwa wina, ndi mzere umene ndinauona ndi maso anga. Ndinasintha mudzi, mbewu ndi banja mpaka panalibe khomo limene munthu akanaloza. Womvera akanena kuti, “Ameneyu ndi uje wa kutsidya,” ndiye kuti mwavula munthu pagulu. Cimene mukufuna n'cakuti akhale cete pang'ono, mbale ili m'manja, asanaitane ana kuti adzadye.

Conco inu amene muli ndi kope ndi nkhani imene ikukana kuyenda, siyani kaye kuwonjeza mbuzi zobedwa. Tengani tsamba loyera, lembani cimene munthu wanu amaopa, ndipo funsani “kenako n'ciyani?” mpaka funso litatha. Lembani tsiku limodzi limene manthawo anabadwa, ndi lamulo labwino limene iye amawabisamo. Tsambalo likhale m'thumba mwanu. Pa mapepala amene anthu adzamva, muikepo mphambano zokha, yoyamba yochipa, yomaliza yodula, ndipo pa iliyonse mumupatse munthuyo cifukwa coona coti anene m'malo mwa ceniceni.